Mafunso ndi Mayankho: Aperekezi Osasiyana ndi Mawu Awo m'Chingerezi

M'Chingerezi muli aneni ndi afotokozi ena amene ali ndi mperekezi wawowawo, ndipo salola wina kulowa m'malo mwake. Makalata atatu ochokera ku Dowa ndi ku Ntchisi akufunsa za mawu oterewa.

Wophunzira wa Fomu 4 wa ku Mponela akuti aphunzitsi adamuchongera cholakwa atalemba "I am interested with agriculture". Cholakwika n'chiyani?

Cholakwika ndi "with". Mawu akuti "interested" amayenda ndi "in", choncho chiganizocho chimayenera kukhala "I am interested in agriculture". Gwero la vutoli ndi lodziwika. M'Chichewa munthu amati ali ndi chidwi ndi ulimi, ndipo wophunzira amene adaloweza kuti "ndi" ndiye "with" amangosamutsa mawuwo monga aliri. Koma "ndi" wa Chichewa amasenza katundu wambiri, amene Chingerezi chimagawira aperekezi osiyanasiyana. Kusiyana ndi chinthu ndi "different from". Kufanana nacho ndi "similar to". Kukwatiwa ndi munthu ndi "married to", ndipo apa kulakwitsa kumaseketsa, chifukwa "married with two children" ndi Chingerezi chabwinobwino chonena kuti munthuyo ali pabanja ndipo ali ndi ana awiri. Malo ena "with" amakhoza ndithu, monga "angry with my brother" ndi "satisfied with the harvest", n'chifukwa chake chizolowezichi chimavuta kuchizula. Mayeso a MSCE amakonda kufunsa mawu oterewa, ndipo amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena.

Mphunzitsi wa ku pulayimale ku Malomo akufunsa chifukwa chimene ana amasiyira mperekezi, n'kulemba "We depend rain".

Anawo sakuiwala, akutsata Chichewa. Mneni wa Chichewa amagwira yekha chimene akunena: alimi amadalira mvula, mwana amaopa fisi, okwera amadikira minibasi. Pakati palibe kanthu. Nthawi zina ntchito ya mperekezi imabisala m'kati mwa mneni momwemo, m'tizidutswa ta -ir- ndi -er-, monga pamene kuphika kusanduka kuphikira. Chingerezi chilibe njira imeneyi, ndiye chimaika mawu apadera: "Farmers in Ntchisi depend on rain", "The child is afraid of hyenas", "They are waiting for a minibus".

Pali msampha pano. Kuopa kunganenedwe pawiri. "Afraid" ndi mfotokozi, ndipo sangagwire dzina popanda "of". "Fear" akakhala mneni amagwira yekha: "The child fears hyenas". Mawu a banja limodzi nawonso satenga mperekezi mmodzi nthawi zonse. "Depend" ndi "dependent" onse amafuna "on", koma "independent" amafuna "of".

Ana akadzudzulidwa kwambiri amayamba kuthira aperekezi paliponse ngati mchere. Pamenepo m'pamene pamabadwa "discuss about", kuchokera ku "kukambirana za", pomwe "discuss" safuna mperekezi. Wonena "They discussed the price of tobacco" wakhoza. Amene akufunitsitsa "about" agwiritse ntchito "talk about". Chimodzimodzi "reach": minibasi ikafika pa Dowa, ndi "reached Dowa", osati "reached at Dowa".

Wowerenga wa ku Mvera akufunsa ngati pali lamulo lothandiza kudziwa mperekezi woyenera.

Lamulo losankhira mperekezi palibe. Tanthauzo la "on" ndi pamwamba pa chinthu, koma wodalira mvula sakhala pamwamba pake. Njira yodalirika ndi kuloweza mawu pamodzi ndi mperekezi wake ngati chinthu chimodzi, m'chiganizo chathunthu. M'kope musamalembedwe "good" yekha, koma "She is good at netball". Dikishonale yabwino ya ophunzira imasonyeza mperekezi pafupi ndi mawuwo, ndipo imathandiza pamene mawu amodzi asintha tanthauzo malinga ndi mperekezi: "look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamalira, "look at" ndi kuyang'ana.

Lamulo limene lilipo ndi la zimene zimabwera pambuyo pa mperekezi. Mneni akatsatira mperekezi amathera ndi -ing: "interested in growing soya", "afraid of crossing the river". Lamuloli limagwetsa ambiri kumapeto kwa kalata yofunsira ntchito. Iwo amalemba "I look forward to hear from you", poganiza kuti "to" ameneyu ndi yemwe uja wa mu "I want to hear". Kuti munthu adziwe, aike dzina pambuyo pa "to". "I look forward to the holiday" zikumveka, ndiye kuti "to" ndi mperekezi, ndipo kalatayo iyenera kunena "I look forward to hearing from you". "I want to the holiday" sizikumveka, ndiye kuti pamenepo mneni akhala wopanda -ing.