Kampani ya papepala: funsani kaundula musanapereke ndalama

Amayi, ambiri a inu mwayamba kuchita malonda ndi anthu ochokera kutali amene amabwera kuno ku Chigwa cha Shire kudzagula chitowe, nandolo ndi mbuzi. Akakuonetsani pepala lodinda n'kunena kuti ali ndi kampani, mungadziwe bwanji kuti kampaniyo ilipodi? Tamvani kankhani aka, kamene takonza kuti tiphunzirirepo.

Mayi wina wa ku Bangula ankapikula chitowe kumidzi n'kumagulitsa kwa bambo wina wochokera ku Limbe. Maulendo awiri oyamba bamboyo analipira pompopompo. Ulendo wachitatu anati, "Mayi, mukutaya phindu. Lowani m'kampani yanga, tizitumiza limodzi kunja." Anatulutsa fotokope ya setifiketi, dzina la kampani lothera ndi mawu akuti Limited, nambala ili pamwamba. Mayiyo anakongola K400,000 ku banki mkhonde n'kupereka ngati gawo lake, ndipo anasainirana pepala lodinda chidindo cha kampaniyo.

Patatha mwezi bamboyo anapemphanso K600,000 ya thiransipoti. Msungichuma wa gulu anakayika. "Asisi, ndalama za kampani bwanji mukuzitumiza pa nambala ya foni ya munthu? Akaunti yakubanki ya kampaniyo ili kuti?"

Mwana wa mayiyo, amene amaphunzira ku Blantyre, anatenga fotokope ija kupita nayo ku ofesi ya Registrar General. Anafufuza dzinalo, silinapezeke. Anayesa kalembedwe kena, osapezekabe. Atafufuza nambala, inatulutsa bizinesi ina ya anthu ena, yosakhudzana n'komwe ndi mbewu. Madzulo anaimba foni: "Amayi, musatumize kalikonse. Kampaniyi kulibe."

Tiyeni timvetse chimene mwanayo anafufuza. Kuno ku Malawi kampani imakhalapo pokhapokha italembetsedwa motsatira lamulo la makampani la 2013. Ikalembetsedwa imapatsidwa nambala yakeyake, ndipo m'kaundula mumalembedwa kumene kuli ofesi yake ndi mayina a oiyendetsa. Mabizinesi ena, monga ya munthu mmodzi kapena ya anthu ogwirizana, amalembetsedwa motsatira lamulo lina la 2012, ndipo sayenera kudzitchula Limited. Zonsezi zimalembetsedwanso pa intaneti kudzera mu njira yotchedwa MBRS. Chidindo chokha sichitsimikiza kanthu, poti aliyense angathe kuchisemetsa m'tauni.

Apa mpamene ambiri timasokonezeka. Laisensi ya ku khonsolo ya Nsanje kapena Chikwawa ndi chilolezo chochitira malonda pamalo. TPIN ya ku MRA ndi nambala yamsonkho, ndipo munthu payekha angathe kukhala nayo. Mapepala awiriwa ndi abwino, koma sayankha funso lakuti kampani ilipo kapena ayi. Loyankha ndi kaundula.

Pofufuza mufunika zinthu ziwiri: dzina lonse monga lalembedwera pa setifiketi, chilembo ndi chilembo, komanso nambala yake. Dzina likapanda kutuluka musafulumire kunena kuti munthuyo ndi wakuba, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chingathe kulibisa. Yesani nambala. Zonse zikapezeka, onani ngati zikuloza kampani imodzi, kenako funsani mayina a oyendetsa. Mnzanu uja alipo? Pali ena amene amayenda ndi setifiketi ya kampani yeniyeni koma ya eniake. Ngati pali kolipira pa kufufuzako, lipirani ku ofesi mulandire lisiti, osati kwa munthu wokuyimitsani pakhomo.

Dziwaninso malire ake. Kaundula amangonena kuti kampani inalembetsedwa; sanena kuti ili ndi ndalama kapena kuti imabweza ngongole. Ndipo mukauzidwa kuti mwalowa m'kampani, dzina lanu liyenera kulembedwa pa eni magawo, ndipo mupemphe umboni wolembedwa wa gawo lanulo.

Nanga K400,000 ija? Kampani yomwe kulibe simungaisumire. Wotsala ndi munthu amene analandira ndalamayo, ndipo kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu wa kupolisi. Mayi uja chinamuthandiza n'chakuti sanafufute mauthenga a pafoni oonetsa dzina la wolandira, tsiku ndi ndalama zake. Chinamuvuta n'chakuti pepala lija linali ndi dzina la kampani lokha, popanda dzina lonse la bamboyo kapena nambala ya chitupa chake cha unzika. Apolisi anatsegula mlandu, koma ngongole ya ku banki mkhonde inamudikirabe iye mwini, ndipo anagulitsa mbuzi kuti aibweze.

Pa msonkhano wanu wa mwezi uno, aliyense amene ali pa mgwirizano ndi kampani abweretse pepala lake. Onani ngati pali nambala ya kaundula, dzina lonse la wosaina ndi nambala ya chitupa chake, ndipo musankhe mayi mmodzi wokafufuza mapepala onsewo ulendo umodzi.