Kalata ya bwana: lonjezo kapena njira chabe?

Wowulutsa: Kalata ya lero yachokera ku Chipinge, kufupi ndi nkhalango ya Chirinda. Mayi wina amene makolo ake anachokera ku Mulanje akuti: "Ndine kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ya tiyi. Bwana wanga wandilembera kalata yonena kuti ndikhoza kukwera podzera kumunda, kufakitale kapena ku ofesi. Kodi limeneli ndi lonjezo? Ndisankhe kuti?" Alangizi, tithandizeni.

Mlangizi: Mayi, kalata imeneyo si lonjezo, ndipo bwana woona mtima sangalonjeze mpando umene pakhala munthu kale. Koma musaipeputse. Kuti mudziwe kulemera kwake, musayang'ane mawu okuyamikirani. Onani ngati pa njira iliyonse yanena zinthu zitatu: chimene muyenera kukhala nacho, amene adzagamule, ndi chimene mudzataye. Kalata yongoti "tsogolo lanu n'lowala" sinakuuzeni kanthu. Yothandiza imati mpando wakutiwakuti umafuna maphunziro 5 a O Level kuphatikizapo Chingerezi, kapena satifiketi ya ku koleji monga Mutare Polytechnic, ndipo imanena ngati kampani idzalipireko fizi. Mbali yachitatu ija ndi imene mabwana ambiri amailumpha. Mukalowa m'gulu la oyang'anira, malipiro anu sakambidwanso m'mgwirizano wa NEC ya zaulimi, GAPWUZ sikuimiriraninso monga kale, ndipo kawirikawiri ndalama ya maola owonjezera imatha. Pa nyengo ya mvula, masamba akachuluka, munthu wokwezedwa akhoza kupita kunyumba ndi ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya kale. Funsaninso za nyumba, poti ya pa komboni imayenda ndi ntchito.

Pa kusankha, ine ndikuti pitani kufakitale, ndipo chifukwa chake chili m'manja mwanu kale. Munthu wa pa sikelo amadziwa tsamba. Mumaona ndi maso ngati othyola abweretsa masamba awiri ndi kansonga kapena asakaniza okhwima, ndipo mumadziwa kuti tsamba la m'mawa wa mvula limalemera ndi madzi. Kufakitale nzeru imeneyi imasanduka nambala. Makilogalamu 1,000 a tsamba laliwisi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 220 a tiyi wouma. Akatuluka 200, pali 20 amene asowa, ndipo wina ayenera kunena ngati vuto linali madzi a pa sikelo kapena tiyi wotayika m'makina. Pamenepo mudzaphunzira kufotetsa tsamba kwa maola 12 mpaka 18, kulidula m'makina a CTC, kulisiya kuti lifiire, kuliumitsa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 3 peresenti, ndi kusankha magiredi monga BP1 ndi PF1. Tsamba losafota bwino limatulutsa tiyi wosakoma, lopsa mu chowumitsira limamveka fungo la utsi, ndipo wolawa amazindikira tsiku lomwelo. Luso loyezeka chonchi silidalira kuti bwana amakukondani. Mukhoza kupita nalo ku Southdown, ku mafakitale a ku Honde Valley, ngakhale ku Thyolo.

Wowulutsa: Koma ambiri amati oyang'anira esiteti amachokera kumunda.

Mlangizi: Akunena zoona, ndipo ukapitawo umabwera msanga kusiyana ndi mpando wa m'fakitale, umene umakhala ndi anthu ochepa osachokachoka. Ngati mayiwa amatha kulamulira gulu la othyola popanda mkangano, njira ya kumunda si yoipa. Koma taonani mmene minda yasinthira. Tanganda, imene ili ndi maesiteti monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira, inabzala makadamiya ndi mapeyala ambiri, ndipo makina othyolera akuchepetsa magulu a anthu. Kapitawo wodziwa tiyi yekha njira yake ikupanikizika, ndipo kuti apitirire pamenepo amafunika dipuloma ya zaulimi ya ku koleji monga Chibero kapena Gwebi. Wina anganene kuti tiyi akachepa fakitale nayonso idzachepa. Inde, koma kuyeza chinyezi, kusankha magiredi ndi kusunga kaundula wa katundu kumafunikanso posamalira mtedza wa makadamiya. Za ku ofesi sindichulutsa: mipando ndi yochepa ndipo amapikisana ndi achinyamata a madigiri ochokera ku Mutare ndi ku Harare.

Pali chinthu china chimene chimakhudza ife a makolo ochokera ku Malawi. Ngati chitupa chanu chidakali cholembedwa kuti ndinu mlendo, chikonzeni musanafunsire mpando. Malamulo a dziko a 2013 amati wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake ndi la dziko la SADC, ndipo anali kukhala m'dziko muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Koma pepalalo silisintha lokha, mpaka mutapita ku ofesi ya kalembera.

Tsono yankhani kalatayo polemba, osati pakamwa. Thokozani, tchulani njira imene mwasankha, ndipo pemphani kuti akuikeni kufakitale kwa miyezi 3 ya nyengo ya masamba ambiri, malipiro ndi nyumba zanu zosasintha, komanso tsiku lodzakhala pansi kuunika mmene mwagwirira. Pemphaninso kuti kalata zonse ziwiri zilowe m'fayilo yanu ku ofesi ya antchito, chifukwa mabwana a maesiteti amasamutsidwa, ndipo wobwerayo adzangodziwa zimene zinalembedwa.