Kasandutsidwe ka positi yocheza kukhala mawu a vidiyo ya masekondi 30

Positi ya pa Facebook munthu amaiwerenga pa liwiro lake. Akafuna adumpha moni, akafuna abwerera mzere umene sanaumvetse. Vidiyo yaifupi ya pa TikTok, Reels kapena sitetasi ya WhatsApp siipereka mpata umenewo: mawu amadutsa kamodzi, ndipo chala cha woonera chimakhala chili kale pagalasi, chokonzeka kukankha. N'chifukwa chake positi yomwe anthu anaikonda poiwerenga imatha kutopetsa mukangoiwerenga mokweza n'kuiika pansi pa zithunzi. Iyenera kulembedwanso, ndipo polembapo wotchi ikhale pafupi.

Titenge chitsanzo cha mayi wosoka zovala amene walemba motere:

"Moni nonse abale anga, mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka, kungoti magetsi anathima usiku wonse. Lero ndati ndikuuzeni kankhani. Sabata yatha kunabwera mayi wina, kasitomala wanga wakalekale, atanyamula diresi yomwe ndinamusokera mwezi watha. Akuti yamuthina, zipi ikukana kutseka. Ine kudabwa, poti muyeso ndinatenga bwinobwino. Pofunsitsa ndinapeza kuti chitenje chija anabwera nacho chosachapa, ndiye atachapa diresi nsalu inachepa. Nsalu ya thonje imatero ikachapidwa koyamba. Ndiye abale anga chonde, mukagula chitenje muziyamba mwachiviika m'madzi ozizira, muchiyanike pamthunzi, muchisite, kenaka mubwere nacho. Mwina ndalankhula zambiri koma ndi chikondi. Tsiku labwino nonse, Mulungu akudalitseni."

Ndi positi yabwino, yomveka kuti walemba ndi munthu. Ili ndi mawu 88. Mayiyu akufuna vidiyo ya masekondi 30.

Choyamba, yesani pakamwa panu. Malangizo ambiri a ntchito imeneyi analembedwera olankhula Chingerezi, ndipo amati munthu amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi imodzi, kutanthauza 75 pa masekondi 30. Mukatsatira nambala imeneyo m'Chichewa mudzapanikizika, chifukwa mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi loti "ndinamusokera" lanyamula wosoka, wosokeredwa ndi nthawi yomwe, ndipo lili ndi maphatikizo 6. Choncho ife tiziwerenga maphatikizo, osati mawu. Kuwerenga kwake n'kosavuta: lembo la liwu lililonse, a, e, i, o, u, ndi phatikizo limodzi, ndipo muwonjezerepo m uja amene amamveka payekha, monga wa mu "m'madzi" ndi "pamthunzi".

Tsegulani wotchi ya pafoni, werengani ziganizo zitatu mokweza ngati mukuuza mnzanu amene wakhala tsidya la tebulo, kenaka gawani chiwerengero cha maphatikizo ndi masekondi amene mwatenga. Aliyense ali ndi liwiro lake, ndiye nambala ya mnzanu musaibwereke. Pano tinene kuti mayi wathu wapeza maphatikizo 5 pa sekondi. Positi yake ili ndi maphatikizo opitirira 260, ndiye kuti masekondi oposa 50 osapuma n'komwe, ndipo akamapuma ifika mphindi yathunthu. Pa masekondi 30 aja achotsepo 5 kapena kuposerapo opumira ndi otsekera. Otsala 25 kuchulukitsa ndi 5, malire ake ndi maphatikizo 125. Zoposa theka la positi ziyenera kuchoka.

Musayambe ndi kudula liwu apa, liwu apo. Yambani ndi funso: woonera akatseka vidiyoyi, achite chiyani? Yankho likhale chiganizo chimodzi, ndipo mulilembe pamwamba pa pepala. Apa ndi lakuti, "Chapani chitenje musanapite nacho kwa telala." Chilichonse chosathandiza chiganizo chimenechi chituluke. Za magetsi zituluke. "Kasitomala wanga wakalekale", "sabata yatha", "mwezi watha" zituluke, pakuti phunzirolo silisintha kaya zinachitika liti.

Chovuta kwambiri kuchotsa ndi moni. Tinaleredwa kuti nkhani siyamba usanapereke moni, ndipo ambiri amaona ngati kudumpha pamenepa n'kusowa ulemu. Koma taonani mtengo wake: kuchokera pa "Moni nonse" kufika pa "ndikuuzeni kankhani" pali maphatikizo 46, masekondi 9, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a vidiyo yonse, woonera asanamve kanthu kokhudza iye. Moniyo muulembe m'mawu apansi pa vidiyo, pamene ofuna kuwerenga adzaupeza. Ulemu wa m'mawu olankhulidwa ukhale mu "mu" ndi "ni": mukagula, chiviikeni, bwerani. Umenewo ndi ulemu wokwanira ndipo sudya nthawi.

Tsopano funani pamene nkhani yafika pothina, mupabweretse kutsogolo. M'positi zocheza malo amenewa amakhala pakati, chifukwa wolemba amayamba wayalira. Mu positi yathu ndi zipi yokana kutseka. Chimenechi chikhale choyamba kumveka ndi choyamba kuoneka.

Mukatero tengani pepala, mulembe mzere umodzi pa chithunzi chimodzi. Mzere uliwonse ukhale wotheka kuunena ndi mpweya umodzi, unyamule ganizo limodzi, ndipo pambali pake mulembe maphatikizo ake ndi nthawi imene uyambire ndi kuthera. Ya mayi uja yatuluka chonchi:

Sekondi 0 mpaka 4, manja akukoka zipi yomwe yaima pakati pa msana: "Diresi yatsopano, koma zipi yakana." Maphatikizo 14.

4 mpaka 8, tepi yoyezera ili m'chiuno: "Telala sanalakwitse muyeso, vuto ndi chitenje." 17.

8 mpaka 12, chitenje chatsopano chikufunyululidwa: "Nsalu ya thonje imachepa ikachapidwa koyamba." 17.

12 mpaka 17, chitenje chikumira m'beseni: "Mukagula chitenje, chiviikeni m'madzi ozizira." 19.

17 mpaka 21, chili pachingwe pansi pa mtengo: "Chiyanikeni pamthunzi kuti chisasuluke." 16.

21 mpaka 24, simbi ikuyenda pansalu: "Chikauma, chisiteni." 8.

24 mpaka 29, mayi ali pamakina, wayang'ana kamera: "Apo ndiye bwerani nacho, tikusokereni yokukwanani." 20.

29 mpaka 30, palibe mawu, dzina la shopu ndi nambala ya foni zidakali pagalasi.

Onse pamodzi ndi mawu 34, maphatikizo 111, masekondi 22 olankhula. Sitinafike pa malire a 125 aja, ndipo n'zabwino kuti sitinafike. Masekondi 8 otsalawo sanatayike. Mzere uliwonse wapatsidwa nthawi yoposa imene pakamwa pakufuna, kuti liwu lomaliza likhazikike chithunzi chisanasinthe. Mzere wa simbi umatha pasanakwane masekondi 2 koma wapatsidwa 3, chifukwa maso akufuna kuona makwinya akuwongoka.

Onetsetsani mzere wachinayi. Mu positi unali "Ndiye abale anga chonde, mukagula chitenje muziyamba mwachiviika m'madzi ozizira", maphatikizo 32, masekondi oposa 6. Tachotsa mawu opembedzera a kutsogolo, ndipo "muziyamba mwachiviika" tamusandutsa lamulo lachindunji, "chiviikeni". Tanthauzo silinasinthe koma tapulumutsa maphatikizo 13. Umu ndi mmene Chichewa chimafupikira bwino: aneni awiri otsatana asanduke mmodzi, ndipo dzina limene latchulidwa kale lilowe m'kati mwa mneni. Taonani kuti mzere wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi sitinabwerezenso "chitenje". "Chi" wa mu "chiyanikeni" ndi "chisiteni" wagwira ntchitoyo.

Mzere wachisanu wachita zosiyana: wawonjezera "kuti chisasuluke", zomwe mu positi munalibe. Malo analipo, ndipo langizo lokhala ndi chifukwa chake anthu amalitsatira kuposa lamulo louma. Kufupikitsa sikutanthauza kungochotsa.

Nambala ya foni ndi mitengo musazitchule pakamwa. Nambala ya manambala 10 imadya masekondi angapo ndipo palibe amene amaigwira pomva kamodzi. Ilembeni pagalasi, ionekere kuyambira mzere womaliza mpaka pothera. Chimodzimodzi zimene chithunzi chikusonyeza kale: beseni likuoneka, ndiye palibe chifukwa chonena kuti "tengani beseni".

Pojambula, yambani ndi mawu, zithunzi zitsatire. Mukayamba mwadula zithunzi mudzakakamiza pakamwa kuthamangira nthawi yomwe simunaiyese. Lowani m'chipinda chokhala ndi makatani, matiresi kapena zovala zopachika, chifukwa makoma opanda kanthu amabweza mawu. Mvula ikamagwa padenga la malata, dikirani. Foni muitseke kuti isalandire mafoni, muiike kutali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, chapambali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usamenye maikolofoni. Nenani mzere uliwonse kawiri kapena katatu, mukusiya kachetechete pakati, kuti podula musankhe wabwino. Werengani mzerewo, kwezani maso, muunene osayang'ana pepala. Mawu owerenga amadziwika, amakhala osalala mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera.

Mukalowetsa mawuwo mu CapCut kapena InShot, mudzaona mafunde a mawu pansi pa zithunzi. Pamene mafunde aphwa ndi pamene mwapuma, ndipo m'pamene muyenera kusinthira chithunzi. Yerekezani ndi pepala lanu. Ngati mzere wa masekondi 4 watuluka 5, musaufulumizitse ndi makina, ndiponso musaujambulenso mothamanga. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo, ndipo munthu akathamanga amameza timaphatikizo ta pakati tonga "na", "ma" ndi "sa", tomwe timanena nthawi kapena kukana. "Chisasuluke" akamezedwa "sa" wake, mwauza anthu zosemphana ndi zimene mumafuna. Bwererani papepala muchotse liwu limodzi.

Nyimbo ikhale pansi kwambiri, ndipo isakhale yoimba mawu, chifukwa khutu silitsata anthu awiri nthawi imodzi. Mawu olembedwa pagalasi muwalembe nokha ndi kuwawerenganso, poti ambiri amaonera foni itatsekedwa mawu, m'minibasi kapena kuntchito. Muwaike chapakati, osati pansi penipeni kapena m'mphepete mwa kumanja, pamene pamakhala mabatani ndi dzina la akaunti.

Musanaitumize, yesani kawiri. Poyamba imvereni pasipika ya foni, osati pamahedifoni, foniyo ili patebulo ndipo inu mukuchita zina. Liwu limene simunalimve bwino, woonera sadzalimvanso. Kachiwiri mupatse munthu amene positi ija sanaiwerenge, aonere kamodzi kokha, ndipo mumufunse kuti vidiyoyi ikumuuza achite chiyani. Akayankha kuti "ndichape chitenje ndisanapite kwa telala", tumizani. Akayankha kuti "ndi nkhani ya diresi yothina", ndiye kuti chiyambi chaphimba langizo; chepetsani mizere itatu yoyambirira kuti beseni lioneke msanga, ndipo mumuyesenso munthu wina.