Phunziro: Kuonetsa Umboni wa Luso Lanu pa Gawo la Featured la LinkedIn

Pa LinkedIn aliyense akhoza kulemba kuti amadziwa kulemba malipoti. Gawo la Featured, lomwe limaoneka chakumtunda kwa tsamba lanu pafupi ndi About, ndi pamene mumaika lipoti lenilenilo kuti wolemba anthu ntchito adzionere yekha. Lamulo la phunziro lathu ndi limodzi: chilichonse chomwe mwaikapo chitsimikize luso limodzi lomwe ntchito imene mukufunayo imalira.

Choyamba, kutsegula gawoli. Pa tsamba lanu dinani Add profile section, kenako Recommended, kenako Add featured. Mukadina chizindikiro cha +, musankha chomwe mukufuna kuika: Add a post ngati ndi uthenga womwe munalemba kale pa LinkedIn, Add an article ngati ndi nkhani yaitali yomwe munasindikiza pomwepo, Add a link ngati ntchitoyo ili pa tsamba lina, ndi Add media ngati ndi fayilo monga PDF, PowerPoint kapena chithunzi.

Chachiwiri, kusankha. Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene akufuna ntchito ya kalondolondo wa mapulojekiti. Malonda a ntchitoyo akufuna munthu wodziwa kutolera ziwerengero, kuzisanthula ndi kufotokozera anthu zomwe wapeza. Iye aike zinthu zitatu basi: chidule cha masamba 4 cha lipoti la zokolola, tebulo ndi magirafu omwe anakonza mu Excel, ndi zomwe anaonetsa pa msonkhano wa makalabu a alimi. Champhamvu kwambiri achikokere kutsogolo, chifukwa pafoni zinthuzi zimandandalikana cham'mbali ndipo ambiri amangoona choyambacho.

Chachitatu, mutu ndi kufotokoza. Pa Title musasiye dzina la fayilo monga `report_final2.pdf`. Lembani chomwe chili m'katimo: kuyerekeza zokolola za chimanga m'makalabu 12. Pa Description yankhani mafunso atatu: vuto linali chiyani, inu munachitapo chiyani, ndipo chinatuluka n'chiyani. Ngati munagwira ndi anzanu, tchulani mbali yanu yeniyeni, chifukwa adzakufunsani pa intavyu.

Chachinayi, zomwe zimalakwika. Lipoti la kuntchito ndi katundu wa bungwe, choncho pemphani chilolezo, ndipo chotsanimo mayina a alimi, manambala a foni ndi ndalama zachinsinsi. Akakukanizani, konzani chitsanzo china ndi ziwerengero zopeka, n'kulembapo kuti ndi chitsanzo. Vuto lina ndi linki ya Google Drive yotseka: inu imakutsegukirani, koma mlendo imamuuza kuti apemphe chilolezo. Isintheni ikhale Anyone with the link, kenako muyese pafoni ya mnzanu. Fayilo ya Word isandutseni PDF kuti matebulo asasokonekere.

Ntchito yokachita: tengani malonda amodzi a ntchito, lembani mzere kunsi kwa maluso atatu omwe akufunika, ndipo pa luso lililonse pezani chikalata chimodzi cholitsimikiza, muchilembere mutu ndi ziganizo zitatu zofotokoza.