Manambala awiri a mwana mmodzi

Tengani cholembera, chifukwa funso la lero lili ndi manambala. Ndalipanga motsanzira mafunso a sitatisitikisi amene mumawapeza m'mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo. Mphunzitsi walembetsa ana asanu ndi atatu mayeso a masamu, wawaphunzitsa maphunziro apadera, kenaka wawalembetsanso mayeso ofanana. Mwapatsidwa malikisi a mwana aliyense, oyamba ndi achiwiri. Funso likuti: pa mlingo wa 5 peresenti, kodi pali umboni woti maphunzirowo akweza malikisi?

Musanagwire kakyuleta, dzifunseni kuti manambalawa ndi a chiyani. Akanakhala owerenga mitu ya anthu, kuti anyamata angati akhoza ndipo atsikana angati alephera, mukanaganiza za kayi sikweya. Koma awa ndi malikisi, zinthu zopimidwa, ndiye nkhani ndi ya avereji. Ana ndi ochepa, ndipo funso silinatiuze mmene malikisi a ana onse amamwazikira, choncho z tamusiya, tatsala ndi t.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amaona mizere iwiri ya manambala n'kuthamangira t wa magulu awiri osiyana. Ikani chala pa nambala yoyamba ya mzere woyamba, china pa nambala yoyamba ya mzere wachiwiri. Kodi ziwirizi ndi za mwana mmodzi? Ngati yankho ndi inde, gulu ndi limodzi lopimidwa kawiri, ndipo mufunika t wa manambala apawiripawiri. Chifukwa chake n'chakuti ana amasiyana kale nzeru: wina amapeza 80, wina 30. Mukawatenga ngati magulu awiri, kusiyana kwakukulu kumeneko kumakwirira kukwera kwa malikisi awiri kapena anayi kumene mukufunafuna. Mukamuyerekeza mwana ndi iye mwini, kusiyanako kumachoka. Akanakhala ana a kalasi ina amene analemba mayeso achiwiriwo, t wa magulu awiri akanakhala woyenera.

Tsopano lembani tanthauzo la d: malikisi achiwiri kuchotsapo oyamba. Osalumpha mzere umenewu, pakuti mukatembenuza kuchotserako, chizindikiro cha mu hayipothesisi chimatembenukanso. Kwa ana athuwa d watuluka motere: 6, −2, 4, 0, 4, 0, 2, 2.

Hayipothesisi yoyamba imanena kuti palibe chasintha, ndipo imalembedwa H0: μd = 0. Yachiwiri imachokera m'mawu a funso. Funso lati akweza, ndiye tilemba H1: μd > 0. Onani kuti talemba μ, avereji ya ana onse amene angaphunzire motere. Mukalemba avereji ya ana asanu ndi atatu okhawa, mwalakwa, chifukwa imeneyo mukuidziwa kale, ndi 2, ndipo palibe choti muyese. Wochonga amafunanso kuona kuti mwafotokoza μd m'mawu, komanso kuti mwanena zoti mukutenga d ngati wotsatira kagawidwe ka nomo.

Masamu ake ndi afupi. Kumwazika kwa d, komwe timalemba s, ndi 2.62. Gawani 2.62 ndi √8, mupeza 0.926. Gawani avereji ija, 2, ndi 0.926, ndipo t ndi 2.16. Pa tebulo pitani pa mzere wa 7, kutanthauza ana 8 kuchotsapo 1. Mukapezeka muli pa mzere wa 14, dziwani kuti mwabwerera ku magulu awiri aja.

Pa mzere wa 7, malire a mbali imodzi pa 5 peresenti ndi 1.895. Nambala yathu, 2.16, yadutsa, ndiye tikukana H0. Koma tamverani izi. Funso likanati kodi malikisi asintha, osatchula kukwera kapena kutsika, tikanalemba H1: μd ≠ 0, mayeso a mbali ziwiri, ndipo malire akanakhala 2.365. Pamenepo 2.16 sakufika, H0 sitikanaikana. Ana omwewo, malikisi omwewo, yankho lina. N'chifukwa chake mbali imasankhidwa powerenga funso, musanaone kumene manambala apendekera. Kusuzumira avereji kaye kenaka n'kusankha mbali yokukomerani ndi kubera, ngakhale ambiri amachita mosadziwa.

Pomaliza yankho, musangolemba kuti takana H0 basi. Bwererani kwa mphunzitsi uja: pa mlingo wa 5 peresenti, pali umboni wokwanira woti avereji ya malikisi yakwera ana ataphunzira maphunziro apadera. Nambala yathu ikanalephera kudutsa malire, mukanalemba kuti palibe umboni wokwanira woti malikisi akwera. Musalembe kuti zatsimikizika kuti maphunzirowo sathandiza, chifukwa ana asanu ndi atatu sangatsimikize zimenezo.