Uthenga Wamalonda Uzifika Nthawi Yanji kwa Makasitomala Akunja?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Songani, kuno ku Domasi. Akuti: "Gulu lathu limagulitsa mpunga, ufa ndi nsomba zouma. Amene amatigula kwambiri ndi Amalawi okhala kunja. Iwo amatumiza ndalama, ife n'kukapereka katunduyo kwa makolo awo kumudzi. Mu Disembala tinatumiza uthenga wa mitengo ya Khirisimasi pa WhatsApp nthawi ya 7 koloko m'mawa, tisanapite kumunda. Ena anatiyankha mokalipa, ena anatibuloka. Tinalakwa chiyani?" Bambo, muwathandize.

Katswiri: Zikomo. Mayi, malonda anu ndi abwino, koma munayang'ana wotchi yanu yokha. Tiyeni tiutsatire uthengawo. Pamene kuno inali 7 koloko m'mawa, ku Joni, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Tete inalinso 7 koloko, chifukwa mizinda imeneyi nthawi yake ndi yathu yomweyi. Ku Dar es Salaam inali 8 koloko, ku Dubai 9 koloko. Koma ku London ndi ku Dublin inali 5 koloko m'bandakucha, ndipo ku New York kunali pakati pa usiku, 12 koloko. Ambiri mwa abale athu akunja sazimitsa foni usiku poopa kuti kumudzi kungagwe zovuta. Foni ikalira usiku, nambala yake n'kukhala ya ku Malawi, mtima umayamba wathamangira ku matenda kapena maliro. Munthu akatsegula n'kupeza kuti ndi mtengo wa mpunga, musadabwe akakubulokani.

Muulutsi: Ndiye ilipo nthawi imodzi imene ingakomere onse?

Katswiri: Kwa ambiri ilipo. Yambani mwadziikira malire: uthenga wotsatsa malonda uzifika pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, pa wotchi ya wolandirayo. Tsopano tiwerengere mwezi wa Disembala. Kuti ku New York ikwane 8 koloko m'mawa, kuno iyenera kukhala 3 koloko masana. Ku Dubai ikamakwana 8 koloko usiku, kuno imakhala 6 koloko madzulo. Choncho mpata wanu uli pakati pa 3 koloko ndi 6 koloko. Mukatumiza 4 koloko madzulo, wa ku Joni aulandira 4 koloko yomweyo, wa ku Dar es Salaam 5 koloko, wa ku Dubai 6 koloko, wa ku London 2 koloko masana, ndipo wa ku New York 9 koloko m'mawa. Onsewa ali maso. Amene atsale ndi wa ku California, chifukwa kwawo idzakhala 6 koloko m'mawa. Ameneyo muikeni pa mndandanda wapadera, muzimutumizira 7 koloko madzulo ya kuno, imene kwawo ndi 9 koloko m'mawa.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Malosa, wogulitsa zitenje ndi zosemasema. Akuti: "Makasitomala anga ambiri ali ku Joni. Poti nthawi ndi imodzimodzi, kodi sindingatumize nthawi iliyonse imene ndafuna?"

Katswiri: Ayi, bambo. Wotchi ndi imodzi, koma malamulo ndi osiyana. Ku South Africa kuli lamulo loteteza ogula la chaka cha 2008, ndipo pansi pa lamuloli boma linaika nthawi zimene wotsatsa malonda saloledwa kuvutitsa munthu ali kunyumba kwake, pokhapokha mwiniwakeyo atavomereza. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, n'zoletsedwa kuyambira 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa. Loweruka mpata ndi wochepa, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana basi. Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma n'zoletsedwa tsiku lonse. Ndiye onani: 4 koloko madzulo ija ndi yabwino Lachitatu, koma Loweruka siyenera kwa wa ku Joni. Komanso masiku awo a tchuthi si athu. Pa 16 Disembala kuno misika imakhala yodzaza, pamene kumeneko ndi tchuthi. Ku Amerika nakonso kuli lamulo la chaka cha 1991 loletsa mafoni otsatsa malonda isanakwane 8 koloko m'mawa ndiponso ikapitirira 9 koloko usiku, potengera nthawi ya kumene kuli wolandirayo. Ngakhale mukhale ku Malosa kuno, malire amenewa akukuonetsani zimene anthu a kumeneko anazolowera, ndipo mukawadumpha amakuonani ngati wopanda ulemu.

Dziwaninso kuti izi zikukhudza mauthenga okopa ogula. Ngati munthu wakulemberani yekha usiku kufunsa ngati katundu wafika kwa mayi ake, kumuyankha si kulakwa.

Muulutsi: Mtsikana wina wophunzira pa koleji ya aphunzitsi ya Domasi amathandiza mlongo wake kutumiza mauthengawa. Akufunsa: "Kodi sindingadziwe kumene munthu ali pongoona chiyambi cha nambala yake?"

Katswiri: Chemwali, nambala imanamiza. Amalawi ambiri akapita kunja amasungabe nambala yoyamba ndi +265 pa WhatsApp, ndiye mungaganize kuti ali ku Zomba pamene ali ku Dublin. Nambala yoyamba ndi +1 nayo sikuuzani zambiri, chifukwa New York ndi California zimasiyana maola atatu. Njira yodalirika ndi kufunsa. Tsiku limene munthu akugula koyamba, mufunseni ngati akulola kulandira mauthenga a malonda, mzinda umene akukhala, ndiponso nthawi imene angakonde. Ambiri amagwira ntchito usiku, yaulonda kapena yosamalira okalamba, ndipo amagona masana. Ena ndi Asilamu amene safuna kusokonezedwa pa nthawi ya swala ya Lachisanu. Zimenezi mungazidziwe pokhapokha mutafunsa.

Polemba m'kope, lembani dzina la mzinda, osati kusiyana kwa maola, chifukwa kusiyanako kumasintha. Kuno sitisintha wotchi, koma ku Britain ndi ku Ireland amaipititsa patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Choncho mu Juni London imatsalira ndi ola limodzi lokha, osati awiri. Ku New York amasintha Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala, masiku osiyana ndi a ku Ulaya. Ikani mizindayi pa wotchi ya mufoni yanu, idzakusinthirani yokha. Ngati mumatumizira pa kompyuta, sankhani maina monga `Europe/London` kapena `America/New_York`.

Muulutsi: Mawu omaliza, bambo?

Katswiri: Chenjerani ndi netiweki. Mukadina kutumiza 5 koloko madzulo netiweki itathawa kapena bandulo itatha, uthenga umangodikira mufoni, pambali pake pali kachizindikiro ka wotchi. Netiweki ikabwera 10 koloko usiku, uthengawo unyamuka wokha, ndipo ku Dubai ukafika pakati pa usiku. Mukaona kawotchiko kachedwa ndipo nthawi yabwino ikutha, fufutani uthengawo, mudzatumize mawa. Anthu akamakubulokani kapena kutuluka m'gulu tsiku limene mwatumiza, yambani mwafufuza nthawi imene uthengawo unawafikira musanatsitse mitengo.

Muulutsi: Omvera, musanadine kutumiza, dzifunseni kuti kumene kuli kasitomala wanu ndi nthawi yanji. Pitirizani kutilembera makalata, tidzakumananso sabata yamawa.