Mzere Woyandikira Kwambiri eˣ

Tikufuna mzere wowongoka woimira eˣ kuchokera pa x = −1 kufika pa x = 1. Mzere wabwino koposa ndi umene mpata wake waukulu ndi eˣ uli wochepetsetsa.

Wa Taylor, 1 + x, umaphonya ndi 0.718 pa x = 1. Koma 1.264 + 1.175x umaphonya ndi 0.279 basi. Tidziwa bwanji kuti palibe wouposa? Mpata wa 0.279 ukupezeka katatu mosinthana: eˣ ili pamwamba pa −1, pansi pa 0.161, pamwambanso pa 1. Mzere wochepetsa mipata itatu yonseyi uyenera kudutsana ndi wathuwu kawiri, zomwe mizere iwiri yowongoka singachite. Pa polinomiyo ya digiri n, malo otere amafunika n + 2.

Tsopano tilembe eˣ m'mapolinomiyo a Chebyshev: 1.266 + 1.130T₁ + 0.271T₂ + 0.044T₃ + …

Tikadula pambuyo pa T₁ = x, timaphonya ndi 0.322, pafupi ndi 0.279. Chifukwa chake n'chakuti gawo lalikulu la zotayidwazo ndi 0.271T₂, ndipo T₂ = 2x² − 1 imasinthana kale: +1, −1, +1 pa −1, 0 ndi 1. Magawo otsatira ndiwo amasokoneza pang'ono. Choncho tisanadalire kudulaku, tiziyamba taona ngati manambala akutsogolowo akuchepa mofulumira.